Azimayi a banki m'khonde anyamula tivi kwanga, ngongole yake sindimayidziwa

Wa_ku_Bangwe
Abale ndithandizeni maganizo, mutu sukugwira. Loweruka ndaweruka ku Limbe cha m'ma 5 koloko, kufika pakhomo ndapeza azimayi adzaza pakhonde panga, wina wafungatira tivi yanga pamiyendo, wina akupinda matiresi a ana. Mayi akunyumba adzitsekera kuchipinda. Ndikufunsa kuti kwagwanji, atcheya awo akuti akazi anu ali ndi ngongole ya K345,600 ku gulu lathu, tikugawana pa 15 Disembala ndiye sitingadikirenso. Ine ndimadziwa kuti ali mu banki m'khonde inde, ndimawapatsa ndekha ya masheya, koma za ngongole sindinamvepo olo tsiku limodzi. Matiresi ndinachonderera anasiya, tivi anapita nayo.

Usiku ndawafunsa bwinobwino, akulira, kenako akuti palinso gulu lina la kutchalitchi K144,000, ndi katapila wina wa kumsika K90,000. Zonse K579,600. Ine salale yanga akadula zonse ndi K320,000, lendi K80,000, ana atatu. Takhala zaka 11 ndi mayi amenewa. Mtima wina ukuti ndiwabweze kwawo ku Phalombe akaganize bwino, wina ukuti ndiitane ankhoswe. Komanso funso langa, kodi ngongole imene sindinasainire ndikuyenera kubweza ndine?

Kabaza_Boyz
Akulu ndalama zonsezo zinapita kuti? Pakhomo simunaone kusintha kulikonse? Fufuzani bwino pali kamnyamata kakudya ndalama zimenezo

NaPhiri_wa_Zomba
Kabaza_Boyz mwayambapo. Mzimayi akangokhala ndi ngongole basi ndiye kuti ali ndi chibwenzi? Amuna mukamaluza salale yonse pa kandege timati muli ndi chibwenzi ndi ndege?

Kabaza_Boyz
kkkkk ndangofunsa mayi

Msungichuma25
Bambo a ku Bangwe pepani. Ine ndimasunga buku la gulu lathu kuno ku Area 25 ndipo nkhani ngati yanu timakumana nayo Novembala aliyense, chifukwa ndi mwezi umene magulu amatolera ndalama zonse kuti agawane. Chaka chonse munthu amatha kubisa, Novembala sabisika.

Musanaganize zowabweza kwawo, mvetsani kaye kuti K345,600 ija inafika bwanji pamenepo, chifukwa ndikukayika ngati anatenga ndalama yochuluka choncho m'manja. Magulu ambiri chiwongoladzanja ndi 20 pa 100 iliyonse pamwezi. Afunseni kuti anatenga zingati ndipo liti. Ndaiwerengera mobwerera m'mbuyo nambala yanuyo ndipo ikugwa ndendende pa K200,000 imene yakhala miyezi itatu osaperekedwa kanthu: mwezi woyamba 240,000, wachiwiri 288,000, wachitatu 345,600. Munthu akalephera, intelesiti ija timaiphatikiza ku ngongole, mwezi wotsatira nayonso imabereka. Ya gulu lachiwiri ija ndi K100,000 ya miyezi iwiri, 120,000 kenako 144,000. Kafunseni muone ngati ndikunama.

Wa_ku_Bangwe
Mayi mwalasa. Akuti anatenga K200,000 mu Epulo kukaoda belo la kaunjika, ine anandiuza kuti mpamba awapatsa ndi achemwali awo. Belo linatuluka loipa, zovala zambiri zong'ambika ndi majuzi oti Bangwe sangagule, anapezamo mwina K70,000 basi. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti amapereka K40,000 mwezi uliwonse ya intelesiti yokha. Mu Julayi zitavuta analowa gulu la kutchalitchi nkutenga K100,000 kuti azipereka ku gulu loyamba lija. Mu Seputembala anatenga K40,000 kwa katapila kuti apereke ku gulu lachiwiri ndi kuponya masheya, anasiya chiphaso cha unzika ngati chikole. Imeneyo ndi imene yafika K90,000.

Msungichuma25
Ndiye mwaona. Ku gulu loyamba apereka kale K160,000 pa ngongole ya K200,000 koma ngongoleyo sinatsike olo ndi 1 kwacha, chifukwa kupereka intelesiti yokha ndi kugula mwezi umodzi basi. Ndalama yakudyedwa pamenepa ndi yochepa, yambiri yangozungulira kuchoka gulu ili kupita gulu ilo. Katapilayo akuwerenga 50 pa 100, 40 inakhala 60, 60 yakhala 90, mukangofika mu Disembala ndi 135,000.

Koma ndikuuzeni chinthu chimene simuchikonda. Munthu akagwidwa satchula ngongole zonse tsiku loyamba. Amatchula zimene zaonekera kale ndi zimene akuopa kuti zibwera pakhomo mawa. Imene amasiya kumapeto ndi yochititsa manyazi kwambiri, kawirikawiri yotenga m'dzina la mnzake. Gulu likamukaniza munthu chifukwa ngongole yadutsa masheya ake katatu, amapempha mnzake kuti tenga iwe undipatse ndizibweza ine. M'buku mumakhala dzina la mnzakeyo. Ndiye musafunse kuti pali inanso? Ayankha kuti ayi. Mufunse kuti ndi ndani anakutengerako m'dzina lake, kugolosale tili ndi zingati, kwa amakala, kwa alandilodi lendi ya mwezi watha inafika yonse, fizi ya ana inafika yonse, pafoni pali ngongole? Chimodzichimodzi, cholembera chili m'manja. Ndipo muwauze poyamba kuti chimene atchule lero simukalipa, mukakalipa pa yoyamba zotsalazo simuzimvanso.

Mjomba_Joni
Nkhani imeneyi yandikumbutsa zanga. Ine ndili kuno ku Joni ndimatumiza ndalama ya nyumba kwa madamu, amanditumizira zithunzi khoma likukwera, malata afika, ine mtima mbee. Kupita kumudzi pa Khisimisi ndinapeza zithunzi zija zinali za nyumba ya aneba. Yanga inali pa windo levulo, udzu utamera mkati. Ndalama zimapita kubweza magulu anayi. Ine sindinachedwe, banja linathera pompo. Achimwene munthu wakunamiza pa ndalama adzakunamizanso, thawani.

Gogo_Nasibeko
Mjomba, nanga banja litatha nyumbayo inatha kumangidwa? Ana anu akukhala ndi ndani?

Mjomba_Joni
Ana ali kwa mayi anga. Nyumba ndikumanga pang'onopang'ono, ndalama ndimatumiza kwa mlongo wanga tsopano

Kabaza_Boyz
Mlongo wanuyonso muzimuuza ajambule ali pakhomo pa nyumbayo atanyamula nyuzipepala ya tsikulo kkkk

Chikondi_BT
Inetu ndifunse funso limene palibe akufunsa. Bambo a ku Bangwe, ndalama ya pakhomo mumasiya zingati patsiku, ndipo munayamba liti kusiya ndalama imeneyo? Chachiwiri, akazi anu amadziwa kuti mumalandira K320,000? Ife pano mwatiuza mosavuta, iwo munawauzapo?

Wa_ku_Bangwe
Ndimasiya K4,000 patsiku, ufa ndimagula ndekha pamwezi. Ndinayamba kalekale, mwina 2023. Za salale sitinakambiranepo, mwamuna sangamaonetse peyisilipi kwa mkazi, bola pakhomo pasagone njala.

Chikondi_BT
Ndiye pamenepo. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kuchokera pamenepo mafuta ophikira, shuga, sopo, makala, chilichonse chinakwera kangapo, inu K4,000 yanu ili pomwepo. Anthu asanu. Ndiye mukamapeza nsomba pa mbale Lachitatu, tiyi wa mkaka m'mawa, ana atenga kamba kusukulu, mumaganiza kuti zikuchokera kuti? Sindikuti anachita bwino kunama za mpamba uja, analakwa ndithu. Koma ngongole ina munadya nawo inuyo osadziwa. Ndipo munthu amene sadziwa kuti mwamuna wake amalandira zingati sangadziwe ngati kupempha kuonjezera kuli kotheka kapena ndi kuputa mkangano, ndiye amakatenga kwina mwakachetechete.

Mjomba_Joni
Apa ndiye mwayamba kumuweruza munthu wolakwiridwa. Akanangonena kuti ndalama ikuchepa, pakamwa anawamanga ndani?

NaPhiri_wa_Zomba
Mjomba simunamvepo yankho loti "ndalama ndizitenga kuti, ukuona ngati ndimatola"? Ukaimva kawiri katatu sufunsanso.

Ine zanga zinali zotembenuza. Bambo akunyumba ndi aphunzitsi. Miyezi ingapo amangoti salale yachedwa, boma silinalipire, pomwe anzawo a pasukulu pomwepo akazi awo akugula matumba a chimanga. Tsiku lina ndikuchapa ndinapeza peyisilipi m'thumba la jekete, mizere ya ngongole itatu ya makampani obwereketsa aja amadula ndalama isanafike kubanki, yotsala inali yosakwana olo theka. Ndiye yotsalayonso sinali yawo, kadi ya ATM ndi pini zinali kwa katapila, tsiku la malipiro katapila amakatapa yekha nkuwapatsa zotsala m'manja, pakati pa mwezi abwererenso kwa yemweyo. Chimene chinandipweteka si ngongole ayi, koma kuti ine ndimakongola tomato pamsika ndikutukwana boma pomwe boma linalipira kalekale. Tinakhala pansi ndi ankhoswe, panopa peyisilipi imafika pathebulo mwezi uliwonse, ngongole ziwiri zinatha yatsala imodzi. Koma kunena zoona mpaka lero akati salale yachedwa ndimayamba ndafunsa mkazi wa mphunzitsi mnzawo.

Ras_Ndix
Man osabweza ya katapilayo. Katapila ndi woletsedwa, alibe laisensi ya Reserve Bank, sangakutengereni kulikonse. Ndipo azimayi anatenga tivi aja ndi kuba kumeneko, kawanenereni kupolisi akagone m'selo. Inu simunasaine paliponse, ngongole si yanu, mwamasuka.

Kalaliki_wakale
Ras mwanena zoona theka. Ndinagwirapo ntchito mu ofesi ya maloya ndiye ndiyankheko funso la bambowa. Ngongole ndi ya amene anatenga. Ukwati pawokha sukusandutsani wobweza ngongole ya mnzanu, pokhapokha ngati munasaina ngati mboni yolonjeza kubweza iye akalephera. Ndiye pa lamulo, gulu lingasumire akazi anu, osati inu. Kulanda katundu mokakamiza ndi ntchito ya masherifu khoti likagamula, si ya gulu kapena katapila. Chovuta ndi choti magulu ambiri ali ndi malamulo awo olembedwa ndipo membala amasaina kuti ndikalephera mudzatenge katundu wakuti, mwinanso akazi anu analemba tivi yomweyo ngati chikole. Kafunseni muone pepalalo.

Pa katapila, kunena kuti osabweza kalikonse ndi kumunamiza munthu. Ndalama anatenga ija ndi ya mwini wake. Chimene chilipo ndi choti pali lamulo lotchedwa Loans Recovery Act limene limapatsa khoti mphamvu younikanso ngongole ngati chiwongoladzanja chili chonyanya, nkuchitsitsa. Akatapila ambiri amalidziwa ndipo safuna za kukhoti, nchifukwa chake ukapita ndi ndalama m'manja nkunena kuti ndili ndi iyi titseke, nthawi zambiri amalandira. Zikafika poopsezana pitani ku Legal Aid Bureau kapena kupolisi.

Koma zotsekeretsa azimayi a gulu ine sindingalangize. Ndi aneba anu, maliro akagwa pakhomo panu adzaphika ndi omwewo, ndipo ndalama akufunazo ndi zawo zimene aponya chaka chonse kudikira feteleza ndi fizi ya Januwale.

Ras_Ndix
Ndiye munthu azingolandidwa katundu chifukwa choopa kuti sadzamuphikira pamaliro? Dziko ili lomwe

Dalitso_Loans
Amene mukufuna ngongole yachangu yopanda chikole ndipezeni ku inibokosi, ndalama mumalandira tsiku lomwelo

NaPhiri_wa_Zomba
Aadimini chotsani uyu. Anthu akulira ndi ngongole iwe ukutsatsa ngongole pamaliro pomwepo, ulibe manyazi?

Wa_ku_Bangwe
Ndabweranso. Mayi Msungichuma munanena zoona ndipo zandiwawa. Ndinachita momwe munanenera, ndinatenga kope la mwana nkuyamba kufunsa chimodzichimodzi. Yatuluka ina. Mu Okutobala mayi awo anadwala ku Phalombe, ine ndinapereka K20,000 ya thiransipoti nkunena kuti ndilibe ina. Iwo anapempha mayi wina woyandikana nafe kuti awatengere K80,000 ku gulu loyamba lomwe lija m'dzina lake, yogulira mankhwala ndi kusamalira odwala. Pano ili pa K96,000 ndipo mwamuna wa mayiyo sakudziwa. Kugolosale kuli K18,500. Lendi ndi fizi zili bwino. Ndiye magulu ndi katapila pamodzi ndi K675,600, kuphatikiza ya golosale K694,100. Masheya awo ku gulu loyamba ndi K150,000, kwachiwiri K50,000.

Chondinyansa nchoti Loweruka ndinawafunsa katatu kuti yatsala ina? Analumbira kuti ayi. Ndiye ndidziwa bwanji kuti apa zatha?

Msungichuma25
Simudziwa ndi pakamwa pawo, mudziwa ndi mabuku. Mupite nawo limodzi kwa sekilitale wa gulu lililonse, osati inu nokha ngati wapolisi komanso osati iwo okha. Muone tsamba lawo m'buku, tsiku anatenga, zimene apereka, masheya, zilango za kuchedwa, mujambule ndi foni. Mufunsenso pagulu pomwepo kuti alipo wina anawatengera m'dzina lake? Azimayi amadziwana, akaona kuti mwabwera mwamtendere anena okha. Kwa katapila chimodzimodzi.

Tsopano masamu. Mukangokhala osachita kanthu mwezi umodzi, gulu loyamba lionjezera K69,120, lachiwiri K28,800, ya aneba K19,200, katapila K45,000. Pamodzi K162,120, theka la salale yanu kungopita mu intelesiti. Ndiye ntchito yoyamba si kubweza, ndi kuimitsa kubereka. Katapila ndiye woyamba kutseka ngakhale ngongole yake ili yaing'ono, chifukwa K10,000 iliyonse kwa iye ikubala K5,000 pamwezi pomwe ku gulu ikubala K2,000. Anthu ambiri amalakwitsa pothamangira yaikulu chifukwa ndi imene ikuchita phokoso pakhomo.

Ku gulu mukapemphe zinthu ziwiri. Aimitse intelesiti pa nambala imodzi yolembedwa, ndipo adule masheya awo ku ngongoleyo m'malo modikira tsiku logawana. Ife kwathu timavomera munthu akabwera ndi mwamuna wake kapena m'bale nkuikapo kenakake patebulo tsiku lomwelo, chifukwa tivi tikagulitsa mothamanga sitipeza olo theka la mtengo wake, timadziwa. Muwakumbutse mwaulemu kuti K160,000 analandira kale. Mukapita manja lende ndi malonjezo okha sakumverani. Polipira, pasakhale kupatsirana ndalama panjira, mupereke pamsonkhano alembe m'buku, kapena pa Airtel Money kaya Mpamba kuti meseji ikhale umboni.

Gogo_Nasibeko
Mwana wanga Msungichuma, masamu ako ndi abwino koma ine ndikutsutsa pa woyamba kubwezedwa. Woyamba ndi mayi wa pafupiyo. Iyeyo anachita chifundo, ndipo pa 15 Disembala gulu lidzadula masheya ake kapena kukanyamula katundu kwake, mwamuna wake adzadziwira pomwepo ngati mmene anadziwira bambowa. Mukhala mwaphwanya banja la eni chifukwa cha mavuto anu. Katapila ndi katapila, akudikira, ntchito yake ndi yomweyo.

Ndipo inu bambo, za kulumbira kuja musazitengere patali. Munthu azimayi atangomunyamulira katundu pamaso pa ana ndi aneba, mwamuna maso ali psuu, mumafuna anene kuti palinso ina yoti ndinaikamo mkazi wa neba? Anaopa. Zoti anena patatha masiku awiri inu mutafunsa mofatsa, chimenecho ndiye muchigwire.

Msungichuma25
Agogo pamenepo ndavomera theka. Ya aneba ili ndi tsiku lake, pa 15, ndiye isadutse tsiku limenelo. Koma katapila mwezi ukatha pa 30 wabereka kale. Salale ya Novembala ipite kwa katapila, ya aneba aipezere njira masabata awiri otsatirawo.

Mphunzitsi_Dowa
Bwanji osangotenga ngongole imodzi kubanki kapena ku SACCO ya kuntchito nkubweza zonse kamodzi? Chiwongoladzanja cha kumeneko amawerenga pachaka, ngakhale chitakwera bwanji sichingafike 20 pa 100 pamwezi. Muzidulidwa pang'onopang'ono mtima uli m'malo.

Chikondi_BT
Pa masamu aphunzitsi mukunena zoona, ngati ali membala wa SACCO ndipo ali ndi masheya okwanira. Koma ndaona anthu awiri akuchita zimenezo, mmodzi zinamuyendera, winayo pofika Juni mkazi anali atatenganso ku gulu chifukwa dzina linayera ndipo pakhomo ndalama inachepa kuposa kale poti salale ikudulidwa. Ngati K4,000 ija siisintha, ngongole ibweranso, kaya mubweze ndi ndalama ya kubanki kaya ya kumwamba. Komanso mwamuna akabweza zonse yekha amasanduka mwini ngongole, mkangano uliwonse "ndinakubwezera 700 sauzande iwe", mpaka mkazi amalakalaka akanangokhala ndi katapila.

Kabaza_Boyz
Koma mabelo masiku ano ndi juga yeniyeni. Mlamu wanga anaoda la madiresi anapezamo makatani

Mai_Tadala
Mabelo osagula osatsegula ngati mpamba uli wobwereka. Bola kupita m'mawa pamene ena akutsegula nkusankha zidutswa zabwino, phindu lochepa koma ukuona chimene ukugula. Amene ali ndi nambala ya oodetsa nsapato za ana ku Limbe andithandize

Aadimini
Mai_Tadala za nsapato ku gulu la malonda. Dalitso_Loans tamuchotsa. Tibwerere ku nkhani ya bambowa.

Mlaliki_Yona
Ine ndingoti ankhoswe aitanidwe. Nkhani ya ndalama yofika chonchi si ya awiri, mawa mayiwa akadzadwala ndi maganizo abale awo adzati munawabisira. Komanso mayi atuluke m'magulu onse, ndalama zonse azisunga bambo monga mutu wa banja.

NaPhiri_wa_Zomba
Abusa, kwathu mutu wa banja ndi umene unapereka kadi kwa katapila. Nkhani si yoti asunge ndani, koma yoti onse awiri aziona. Ndipo kuwatulutsa m'magulu onse ndi kuwalanda pokhapo pamene mzimayi amasungira kake. Atsale ndi limodzi, buku lake bambo azilidziwa. Za ankhoswe ndikugwirizana nazo koma asankhe bwino, ankhoswe ena nkhani ikafika kwa iwo ndiye kuti yafika mudzi wonse, ndipo ena amangodziwa kunena kuti pirira, masamu sawadziwa.

Chikondi_BT
Ife timachita chonchi, mwina zingakuthandizeni. Salale ikalowa timakhala pansi usiku womwewo ana atagona, meseji ya kubanki ndimaonetsa, iwonso amaonetsa zawo. Tili ndi kope limodzi, kutsogolo timalemba zolowa ndi zotuluka, kumbuyo ngongole zonse, ya ndani, zingati, ibwezedwa liti, olo ya K2,000 ya kwa amakala. Aliyense ali ndi kandalama kake kamene safunsidwa kuti wachita nako chiyani, chifukwa munthu wamkulu kumafotokoza za fanta aliyense ndi pamene bodza limayambira. Thandizo la kwa makolo mbali zonse ziwiri lili ndi mzere wake, imeneyi ndiye inkatiyambanitsa kwambiri, aliyense amatumiza kwawo mobisa. Lamulo ndi limodzi, palibe kutenga ngongole kapena kusainira munthu mnzako asanamve. Miyezi ina timakangana pa kope pomwepo, koma bola kukangana pa nambala yoti tonse tikuiona.

Mjomba_Joni
Zonsezo zimatheka ngati munthuyo akufuna kusintha. Kope silingaletse munthu kukhala ndi kope lina

Wa_ku_Bangwe
Zikomo nonse, ndikuuzeni pamene tafika. Katapila tinapita limodzi Lachisanu salale italowa. Anayamba ndi 90 yake, ine ndinaika K70,000 patebulo nkunena kuti anatenga 40, iyi ndi imene ndili nayo. Tinakokanakokana mpaka analandira K75,000, chiphaso anabweza, ndinamulembetsa pakapepala kuti zatha nkusaina. Lamulungu tinapita ku gulu loyamba. Kunali mawu, mayi wina anati ifenso amuna athu sadziwa koma timabweza, anthu anaseka ine ndinangoti zii. Mapeto ake avomera kuchotsa intelesiti ya Novembala, ngongole yaima pa K288,000, adula masheya K150,000, yatsala K138,000 yoti ifike pasanafike pa 15, ndipo mayi akunyumba sadzalandira phindu la chaka chino. Tivi ikhala konko mpaka titamaliza. Gulu la kutchalitchi lakana kuchotsa kalikonse, akuti malamulo ndi malamulo, angodula masheya yatsala K94,000 ndipo ikadutsa Disembala ibereka.

Ndiye pofika pa 15 ndikufunika K138,000 ndi K96,000 ya aneba, K234,000. Kuntchito avomera adivansi ya K100,000. Mayi akuti agulitsa mbuzi zawo ziwiri zili ku Phalombe ndi zovala zotsala za belo lija, akuti ngongole ndi yawo sakufuna ndibweze ndekha. Peyisilipi ndinawaonetsa. Anaiyang'ana nthawi yaitali nkufunsa kuti K30,000 ikudulidwa apayi ndi ya chiyani, ndi ngongole ya foni imene ndinatenga kuntchito mu Malichi, ndinawauza kuti foniyo anatipatsa ndi abwana. Sindinayankhe bwino. Kuchipinda sitikuyankhulana kwenikweni, za kwa Phalombe ndasiya kaye koma ankhoswe sindinaganize.

NaPhiri_wa_Zomba
Hahaha bambo inu! Foni ya abwana eti? Ilembeni kumbuyo kwa kope ija, pamwamba penipeni.

Mjomba_Joni
30 sauzande ndi 700 sauzande sizofanana anthuni

Gogo_Nasibeko
Mbuzi musagulitse sabata ino ngati mungathe kudikira, pafupi ndi Khisimisi mtengo umakwera. Koma poti tsiku ndi pa 15, auzeni achibale ku Phalombe ayambe kufunsa ogula panopa, asadzagulitse mothamanga kwa mavenda pa 14.

Msungichuma25
Adivansiyo mukalandira yambani ndi K96,000 ya aneba, mukapereke pamsonkhano dzina lawo lifufutidwe m'buku inu mukuona. Ya K138,000 ngati mbuzi zachedwa gulu lingakudikireni masiku angapo poti tivi ali nayo. Ndipo muwerengeretu Januwale, adivansi idzadulidwa, fizi ikudikira, K94,000 ija idzakhala itafika K112,800. Mutiuze kuti adivansiyo akudula kamodzi kapena pang'onopang'ono, tione ngati ya kutchalitchiyo ingatsekedwe ndi salale ya Disembala.